Samu imodzi, makhadi atatu: lipoti la phunziro la kuchotsera mobwereka

Lipoti lino likunena za phunziro limodzi la masamu la mphindi 40, m'kalasi yanga ya Sitandade 4 ya ophunzira 58. Mutu wake unali kuchotsera manambala ofika m'mahandiredi pamene nambala ya pamwamba ili ndi ziro pakati, monga 403 − 158. Ndalemba zomwe ndinakonza, mmene phunzirolo linayendera, pomwe ndinalakwitsa ndi zomwe ndinapeza m'makope a ana.

Mmene zinthu zinalili poyamba

Ndikangolemba masamu pa bolodi n'kunena kuti yambani, kalasi inkagawikana yokha. Pakatha mphindi zisanu ana ena anali ataimirira kale, makope m'manja, akukuwa kuti "Aphunzitsi, ndamaliza!" Pa nthawi yomweyo ena anali asanakopere n'komwe samu yachiwiri. Ofulumirawo akasowa chochita ankayamba phokoso, ndipo otsalirawo akaona kuti nthawi yatha ankangosuzumira m'kope la mnzawo.

Mankhwala anga oyamba anali omwe aphunzitsi ambiri timathamangira. Ofulumira ndinkawaonjezera masamu 20 a mtundu womwewo. Ovutika ndinkawapatsa masamu ofewa osafuna kubwereka, monga 68 − 25, kuti nawonso akhozeko. Kalasi inakhala chete, makope anadzaza ndi zochonga, ndipo kwa masabata awiri ndinkaganiza kuti ndapeza njira.

Zinthu ziwiri zinanditsegula m'maso. Choyamba, ndinaona mtsikana wina wa mutu wakuthwa ataphimba kope lake ndi mkono, akujambula maluwa pa tsamba lomaliza. Nditamufunsa ngati wamaliza anavomera ndi mutu. Nditamufunsa chifukwa chomwe sanabweretse kope, anati, "Mukandichonga mundipatsa ena ambiri." Mwanayo anali ataphunzira kuti kumaliza msanga kumabweretsa chilango. Chachiwiri, pa mayeso a kumapeto kwa sabata, ana omwe ndinkawapatsa masamu ofewa aja analephera masamu obwereka monga mmene ankalepherera kale. N'zosadabwitsa, popeza kwa masabata awiri ndinali nditawachotsera chinthu chenicheni chomwe ankayenera kuphunzira. Ndinali nditasiyanitsa kuchuluka kwa ntchito, koma palibe gulu lomwe ndinalipatsa chomwe linkasowa.

Mafunso anayi oyamba

Tsiku loti mawa lake ndiphunzitsa mutuwu, ndinagwiritsa ntchito mphindi zisanu ndi chimodzi zomaliza kupereka masamu anayi pa kapepala. Sindinawasankhe mwachisawawa. Samu iliyonse inali ndi msampha umodzi woposa inzake:

68 − 25, yosafuna kubwereka;
52 − 27, yobwereka kamodzi;
431 − 156, yobwereka kawiri;
403 − 158, yobwereka modutsa pa ziro.

Pochonga sindinawerenge malikisi. Ndinayang'ana mayankho olakwika, chifukwa yankho lolakwika limaulula zomwe mwana akuchita m'mutu mwake. Mu 1978 akatswiri awiri, John Seely Brown ndi Richard Burton, anaonetsa kuti zolakwika zambiri za ana pa kuchotsera sizichitika mwangozi: mwana amatsatira lamulo lake lolakwika mokhulupirika, samu ndi samu. Timapepala tanga tinandionetsa zomwezo.

Pa 52 − 27, yankho ndi 25, koma ana 14 analemba 35 kapena zina zosokonekera. Wolemba 35 amayang'ana 2 ndi 7, n'kuona kuti 2 ndi wochepa, n'kungotembenuza: 7 kuchotsa 2. Amachotsa nambala yaing'ono ku yaikulu mosasamala kuti ili pamwamba ndi iti. Mwana yemweyo pa 431 − 156 amalemba 325, ndipo pa 403 − 158 amalemba 355. Mukaona 35, 325 ndi 355 pa kapepala kamodzi, dziwani kuti mwanayo sanayambe n'komwe kubwereka. Kwa iye 52 ndi 5 ndi 2 oyandikana chabe, sakuona kuti muli mateni asanu omwe limodzi lake lingamasulidwe.

Ana 33 anakhoza samu yachiwiri, ambiri mwa iwo ndi yachitatu yomwe, koma anagwa pa ziro. Yankho la 403 − 158 ndi 245. Iwo analemba 345 kapena 255. Wolemba 345 wasandutsa ziro kukhala 9 monga anauzidwira, koma 4 wa mahandiredi wamusiya osamuchepetsa. Wolemba 255 wachepetsa 4 kukhala 3, wasandutsa ziro kukhala 10, koma waiwala kuti teni limodzi lapitirira ku mawani. Awa kubwereka amakudziwa, chawasokoneza n'chakuti mnansi wawo wa mateni alibe kanthu koti abwereketse.

Ana 11 anakhoza onse anayi.

Apa pali mfundo yomwe ndikufuna aphunzitsi anzanga aimve bwino. Magulu atatuwa sanafanane ndi mmene ndinkaganizira. Pa ana omwe ankathamangira kutsogolo ndi makope tsiku ndi tsiku, anayi analemba 345. Anali ofulumira, koma ankafulumira ndi cholakwa. Ndipo mnyamata wina wofatsa, yemwe nthawi zonse amamaliza pomalizira ndipo ndinkamuika m'gulu la ovutika, anakhoza onse anayi. Iye amangolemba pang'onopang'ono basi. Ndikanagawa magulu potengera liwiro, kapena potengera mmene ndimawaonera ana, ndikanalakwira ana asanu tsiku limenelo.

Makhadi atatu

Ndinadziikira lamulo limodzi pokonza ntchito: cholinga cha phunziro chikhale chimodzi kwa onse, choti mwana athe kumasula handiredi kukhala mateni ndi teni kukhala mawani pochotsera. Chosiyana chikhale thandizo lomwe mwana ali nalo m'manja ndi kuya kwa funso lomwe akufunsidwa. Maganizo a Jerome Bruner a mu 1966 anandithandiza pano, akuti mwana amamvetsa chinthu poyamba pochigwira ndi manja, kenako pochiona pa chithunzi, kenako pochilemba ndi zizindikiro zokha. Ana anga anali pa masitepe osiyana a njira imodzimodziyo.

Ndinagawa bolodi patatu ndi choko, ndipo gulu lililonse laling'ono linalandiranso khadi lolembedwa ntchito yake. Makhadiwo sindinawatchule kuti loyamba, lachiwiri ndi lachitatu. Ndinawatcha lobiriwira, loyera ndi lachikasu. Sindikunamiza munthu kuti ana sanazindikire khadi lovuta. Anazindikira pa mphindi yoyamba. Chomwe chimachepetsa manyazi ndi chakuti mwana aone kuti mawa akhoza kupatsidwa khadi lina, komanso kuti mitunduyo ndimaisinthasintha mutu ukasintha.

Khadi lobiriwira linali la ana 14 aja, m'magulu anayi a atatu kapena anayi. Gulu lililonse linalandira mtolo umodzi waukulu wa timitengo 100, womangidwa ndi chingwe, mkati mwake muli timitolo 10 ta timitengo khumikhumi tomangidwa ndi labala, kuphatikizapo timitengo 9 tomasuka. Analandiranso pepala lalikulu logawidwa m'mizere itatu ya mahandiredi, mateni ndi mawani. Masamu awo anali asanu: 52 − 27, 43 − 16, 70 − 24, 103 − 47 ndi 102 − 58. Atatu oyamba anali oti azolowere kumasula teni. Awiri omaliza anali samu yeniyeni ya tsikulo, ya ziro pakati, koma ya handiredi imodzi yokha kuti timitengo tikwanire. Lamulo lawo linali loti chilichonse chomwe dzanja lachita pa timitengo, pensulo ichitenso m'kope nthawi yomweyo. Ukamasula katolo, ukhwatche 5 n'kulemba 4, ndipo 2 asanduke 12.

Khadi loyera linali la ana 33, okhala awiriawiri, gulu limodzi la atatu. Analibe timitengo, koma ankajambula mizere itatu ija m'makope. Samu yoyamba, 305 − 128, inali yowerengedwa kale mpaka yankho la 177, ndi kukhwatcha konse kukuoneka. Yachiwiri, 402 − 156, inali yoyambidwa: 4 anali atakhwatchidwa kale kukhala 3, ziro kukhala 10, iwo apitirize. Kenako inali 504 − 267, 601 − 345 ndi 703 − 418 popanda thandizo. Pambuyo pake ndinaika masamu atatu oyesa ngati mwana akuganiza kapena akungotsatira chizolowezi: 406 − 203 yomwe siifuna kubwereka konse, 508 − 132 yomwe imafuna kubwereka ku mahandiredi kokha, ndi 500 − 236 ya maziro awiri. Samu iliyonse ankayenera kuitsimikizira pophatikiza yankho ndi nambala ya pansi. Zimenezi zinandipulumutsa ku mzere wa makope, chifukwa mwana wolemba 337 pa 504 − 267 akaphatikiza ndi 267 amapeza 604, n'kudzionera yekha kuti handiredi imodzi yatsalira penapake.

Khadi lachikasu ndi lomwe linanditengera nthawi yaitali kukonza. Sindinafune kuwapatsa manambala ofika m'masauzande, chifukwa kutero n'kungowapititsa ku phunziro la mwezi wamawa, ndiye mweziwo ukadzafika adzakhalanso osowa chochita. Ndinafuna kuti akhale pa ziro yemweyo koma akumbe mozama. Anayamba ndi masamu atatu a pa khadi loyera, kuti nditsimikize kuti dzulo sanangokhoza mwamwayi. Kenako panali ntchito zitatu. Yoyamba inali yopeza cholakwa: "Mwana wina analemba 403 − 158 = 345. Kodi anachita chiyani? Mulembereni chiganizo chimodzi chomuthandiza." Yachiwiri inali ya manambala osowa: 6□2 − 27□ = 328. Yachitatu inali kafukufuku: sankhani nambala ya mahandiredi yomwe nambala yake yoyamba ndi yaikulu kuposa yomaliza, monga 703, itembenuzeni kukhala 307, chotserani. Chitani zimenezi ndi manambala asanu a inu eni. Mukuona chiyani pa mayankho? N'chifukwa chiyani zikutero?

Ntchito yomalizayi ili ndi ubwino umodzi waukulu kwa mphunzitsi wa kalasi yaikulu: ilibe pothera. Mwana sangabwere n'kunena kuti wamaliza, chifukwa nthawi zonse pali nambala ina yoti ayese.

Mmene mphindi 40 zinayendera

Mphindi 8 zoyamba tinali pamodzi kalasi yonse. Ndinawerenga 302 − 147 pa bolodi, timitolo tili m'manja mwa ana awiri kutsogolo. Nditafika pa 2 kuchotsa 7 ndinafunsa kuti tikabwereke kuti. Anati ku mateni. Mwana wogwira mateni anatambasula manja opanda kanthu, kalasi n'kuseka. Tinamasula mtolo wa handiredi, timitolo 10 tinapita kwa iye, iye n'kupereka kamodzi kwa mnzake wa mawani, n'kutsala ndi 9. Ndinaimika pamenepo n'kufunsa kuti 9 ameneyu wachokera kuti. Ndinafuna kuti aliyense, wa khadi lililonse, aone ndi maso ake kuti ziro sasanduka 9 mwamatsenga.

Mphindi 2 zinapita pa kusamuka. Mayina a ana a khadi lobiriwira ndi lachikasu ndinali nditawalemba pa makhadi awo m'mawa, choncho sindinaitane dzina la mwana aliyense mokweza. Obiriwira anakhala kutsogolo pafupi ndi ine, achikasu pakona ya kumbuyo, oyera anatsala m'malo awo.

Mphindi 20 za ntchito ndinazigawa chonchi: 8 kwa obiriwira, 5 kuzungulira oyera, 3 kwa achikasu, ndi 4 kubwereranso kwa obiriwira. Ndinawauza onse kuti ndikakhala pa gulu lina, wofuna thandizo ayambe wayang'ana samu yowerengedwa kale, kenako afunse mnzake, zikakanika aike kope lake chotsegula m'mphepete mwa desiki n'kupitirira ku samu ina.

Kwa obiriwira ndinagwada pafupi ndi gulu la mtsikana wina yemwe dzulo lake analemba 35. Anali atayala timitolo tisanu ndi timitengo tiwiri. Ndinati, "Ndipatse timitengo 7." Anandipatsa tiwiri tija, n'kuyang'ana pa desiki, n'kuyang'ana ine. Ndinakhala chete. Kudikira kumeneku kumavuta, pakamwa pamayabwa kuti umuuze, koma ndinadziletsa. Patapita kanthawi anagwira katolo kamodzi n'kufunsa motsitsa mawu, "Ndimasule?" Ndinati masula. Labala atachoka anawerenga 12, anandipatsa 7, n'kutsala ndi 5. Ndiye ndinamufunsa kuti mateni atsala angati. Anawerenga, anati anayi. Ndinaloza 5 wa m'kope lake n'kufunsa ngati akunenabe zoona. Anamukhwatcha yekha. Samu imodziyo inatenga pafupifupi mphindi zinayi, ndipo sindikuziona ngati zotayika.

Nditapita kwa oyera ndinapeza zomwe ndinkayembekezera pa 406 − 203. Magulu angapo anali atakhwatcha kale 4 ndi ziro asanayang'ane n'komwe ngati 6 akufuna thandizo pochotsa 3. Anaona ziro, dzanja n'kuthamanga lokha. Sindinawauze kuti alakwitsa, ndinangofunsa kuti, "Ndani wapempha kubwereka apa?" Funso limeneli ndinalibwereza pa madesiki asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo linali lokwanira.

Kwa achikasu ndinapeza mkangano. Anali atapeza 703 − 307 = 396, 802 − 208 = 594 ndi 904 − 409 = 495, ndipo onse anali ataona kuti pakati pamakhala 9 nthawi zonse. Mnyamata wofatsa uja anaonjeza kuti manambala a m'mbali akaphatikizidwa amapanganso 9. Wina ankati zikuchitika chifukwa cha ziro wa pakati. Ndinawauza kuti ayese nambala yopanda ziro. Anayesa 852 − 258 n'kupeza 594, 9 ali pakati pomwepo. Ndinawasiya ali ndi funso loti ngati si ziro, nanga n'chiyani.

Mphindi 6 zotsatira tinabwerera pamodzi, ndipo gawo limeneli ndi lomwe limasunga kalasi kuti ikhale imodzi. Ndinayamba ndi obiriwira. Gulu lina linaonetsa 103 − 47 ndi timitengo kutsogolo, likumasula handiredi kenako teni, mpaka 56. Ana awiri a khadi loyera analemba 504 − 267 pa bolodi n'kutsimikizira pophatikiza. Kenako mtsikana wojambula maluwa uja anafotokoza zomwe gulu lake linapeza. Anati manambala a pakati amakhala ofanana pamwamba ndi pansi, koma wa pamwamba amabwereketsa teni limodzi ku mawani, ndiye amachepa ndi 1, naye n'kukabwereka ku mahandiredi, ndipo chotsala chimakhala 9 basi. Anatenga timitolo ta gulu lobiriwira kuti aonetse zomwe akunena. Ana omwe ankagwira timitolo timeneto mphindi 20 zapitazo anatha kumutsatira, chifukwa 9 wake anali yemwe uja anamuona pa madesiki awo. Zikanakhala kuti gulu lina likuchita mutu wina, kukumana kotereku sikukanatheka.

Mphindi 4 zomaliza aliyense anawerenga yekha masamu awiri ofanana pa kapepala: 61 − 38 ndi 604 − 237, popanda timitengo kapena mnzake.

Zomwe zinalakwika

Cholakwa chachikulu chinali changa. Pa khadi lobiriwira ndinalemba 103 − 47 chopingasa, osaganizira kuti nambala imodzi ndi yaitali kuposa inzake. Nditabwerera kwa iwo ndinapeza magulu awiri atalemba 4 pansi pa 1 ndi 7 pansi pa ziro. Timitengo tinkawapatsa 56, kope linkawapatsa zina, ndipo anali atangoima osadziwa chokhulupirira. Ana omwe akuvutika kale ndinawaonjezera vuto lachiwiri losakhudzana ndi phunziro la tsikulo. Masiku ano masamu a khadi limeneli ndimawalemba chotsitsa, m'mizere yake, ndipo kasanjidwe ka manambala ndimakaphunzitsa pa tsiku lake.

Chachiwiri, gulu limodzi la obiriwira linamasula timitolo tonse pa samu yoyamba n'kuyamba kuwerenga kamodzikamodzi kuchokera pa 52. Yankho analipeza, koma kubwereka sanakuone, ndipo kumanganso timitolo kunadya nthawi. Lamulo lomwe ndinaiwala kunena ndi loti katolo kamamasulidwa pokhapokha timitengo tomasuka tikaperewera.

Chachitatu chinali mnyamata mmodzi mwa ofulumira anayi aja. Atalandira khadi loyera anakwiya, n'kunena kuti iye amamaliza woyamba tsiku lililonse. Ndinamuonetsa kapepala kake ka dzulo n'kumuuza kuti aphatikize 345 ndi 158. Atapeza 503 m'malo mwa 403 anakhala chete. Ndinamuuza kuti akakhoza masamu atatu otsatizana, otsimikiziridwa, adzuke yekha apite ku khadi lachikasu. Anatero patatha mphindi 12, ndipo ena atatu anamutsatira. Khomo limeneli ndinalitsegula chifukwa cha mkwiyo wake, koma linayenera kukhala m'chikonzero changa kuyambira pachiyambi, kwa obiriwira omwe.

Panalinso chinthu chomwe ndinachipewa dala. Aphunzitsi anzanga ena anandilangiza kuti ana 11 aja ndingowagawa m'magulu kuti azithandiza anzawo. Ndinayesapo kale, ndipo zomwe ndinkaona n'zakuti wofulumirayo amalanda pensulo n'kulemba yankho. Mwana wa zaka 10 amene samu imamubwerera mosavuta nthawi zambiri sadziwa pomwe mnzake wakodwa. Komanso naye anabwera kudzaphunzira. Kuthandizana ndimakulola pakati pa ana a khadi limodzi, omwe akulimbana ndi chinthu chofanana.

Zomwe timapepala tomaliza tinaonetsa

Pa ana 14 a khadi lobiriwira, 11 anakhoza 61 − 38, samu ya mtundu womwe onse analephera dzulo lake. Koma anayi okha ndi omwe anakhoza 604 − 237. Pa ana 33 a khadi loyera, 24 anapeza 367. Mwa asanu ndi anayi otsalawo, ambiri analemba 467 kapena 377, zolakwa zomwe zija za dzulo. Pa ana 11 a khadi lachikasu, 10 anakhoza, ndipo mmodzi anaphonya pa 14 − 7.

Sindinganene kuti makhadi okha ndi omwe anabweretsa zotsatirazi. Linali phunziro limodzi m'kalasi imodzi, ndipo ana a khadi loyera mwina akanapita patsogolo ngakhale ndi phunziro wamba lokonzedwa bwino. Chomwe ndinganene motsimikiza n'chakuti ana 14 aja anathera mphindi 20 akubwereka, pomwe masabata awiri apitawo ankangozemba kubwerekako ndi chilolezo changa. Ndiyeneranso kuvomereza kuti khumi mwa iwo sanafike pa cholinga cha phunziro tsiku limenelo. Anasendera pafupi, koma mtunda womwe anali nawo sunali wa mphindi 40.

Ana atatu omwe analephera ngakhale 61 − 38 ndinakhala nawo payekhapayekha tsiku lotsatira. Awiri ankamasula teni molondola koma ankasochera pa 11 − 8, akuwerenga zala chobwerera n'kuphonya ndi imodzi. Vuto lawo lili pa kuchotsera kwa manambala osapitirira 20, ndipo khadi la kubwereka silingalithetse. Akufunika mphindi zisanu tsiku lililonse pa zimenezo. Wachitatu nditamupatsa timitolo tinayi ndi timitengo titatu n'kumufunsa kuti ndi zingati, anayankha kuti 7. Kwa iye ntchito ya makhadi mkati mwa phunziro limodzi yafika pa malire ake, ndipo ndinakambirana ndi mphunzitsi wamkulu za nthawi yapadera.

Kukonzekera kunanditengera pafupifupi ola limodzi ndi theka, kupatula kumanga timitolo komwe ana anandithandiza pa nthawi yopuma. Munthu sangachite zimenezi pa phunziro lililonse, ndipo sindiyesa n'komwe. Ndimazichita pa mitu yomwe mafunso anayi oyamba aonetsa kuti kalasi yagawikana kwambiri. Mafunsowo akaonetsa kuti pafupifupi onse akodwa pamalo amodzi, ndimaphunzitsa kalasi yonse pamodzi n'kungosunga funso limodzi lakuya la omaliza msanga.

Pa phunziro lotsatira magulu anasintha potengera timapepala tija. Anayi a khadi lobiriwira omwe anapeza 367 anachoka ku timitengo n'kupita ku khadi lojambula mizere. Asanu ndi awiri otsala mwa 11 omwe anakhoza 61 − 38 anapitiriza ndi timitolo, kuyambira pa 103 − 47, ndipo anayi a khadi loyera omwe analembanso 467 ndinawaika nawo limodzi kuti agwire handiredi ndi manja n'kuona ikuchoka pa mzere wake. Gulu lachikasu linakula kufika pa ana 19, ndipo linayamba ndi nambala yomwe mnyamata wofatsa uja anabwera nayo m'mawa atailemba pa chikhatho: 201 − 102, yomwe yankho lake ndi 99. Ankafuna kudziwa ngati lamulo lawo la 9 pakati lathyoka, kapena ngati pali ziro wobisala kutsogolo.